Thumba la Juni ndi Thumba la Febuluwale: Masamu a Pachigayo

Mwezi wa Juni pachigayo sipasowa anthu. Chimanga changolowa kumene m'nyumba, ndowa ndi madengu zandandalika kuchokera pakhomo mpaka kumsewu, wogaya wayera mbuu kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo mota sipuma mpaka dzuwa kulowa. Pofika Febuluwale malo omwewo ali zii. Nkhokwe zauma, obwera ndi owerengeka, ndipo ambiri mwa iwo anyamula kachimanga kogula kumsika kongokwana nsima ya masiku awiri. Makina ndi omwewo, nyumba ndi yomweyo, mtengo wogayitsira sunasinthe. Komabe thumba limene mwini chigayo amagaya mu Febuluwale limamudyera ndalama zambiri kuposa limene anagaya mu Juni, nthawi zina pafupifupi kuwirikiza kawiri.

Eni zigayo ambiri amazimva zimenezi m'thumba koma sadziwa pamene zikuchokera. Amangoti miyezi ya dzinja ndalama siioneka. Akatswiri owerengera za chuma cha bizinesi ali ndi njira yozionera poyera, ndipo njirayo imayamba ndi funso limodzi limene amalifunsa pa ndalama iliyonse yotuluka: ntchito ikachuluka kapena kuchepa, ndalama iyi imatani?

Mayankho ake alipo atatu. Zolipira zina sizisuntha, kaya makina agaya matumba 10 kaya 900. Zina zimayenda ndi ntchito, thumba lililonse likuwonjezera kake. Zina zili ndi mbali ziwiri, ina yosasuntha ndi ina yoyenda ndi ntchito, zonse zitamangidwa pa lisiti limodzi. Kuti zimveke, tiyerekeze mayi wina amene ali ndi chigayo cha magetsi pa tauni yaing'ono ya m'mbali mwa msewu. Manambala onse a chigayo chake ndi achitsanzo chabe, osankhidwa kuti masamu asavute. Aliyense aike ake. Anthu amabwera ndi ndowa, zitini ndi mabeseni, koma mayiyu amasandutsa zonse kukhala matumba a makilogalamu 50 polemba m'kope lake, poti popanda muyeso umodzi wa ntchito palibe chimene chingawerengeke.

Zosasuntha ndizo zosavuta kuzipeza. Nyumba imene muli makina ndi ya lendi, K100,000 pamwezi. Mlonda amalandira K140,000. Layisensi ya kukhonsolo tiyiike pa K120,000 pachaka, zimene zikubwera K10,000 mwezi uliwonse. Mwini nyumba akabwera pa 30 safunsa kuti mwagaya matumba angati, ndipo mlonda amagona panja ndi chibonga chake chimodzimodzi mu Juni ndi mu Febuluwale.

Pali china chosasuntha chimene ambiri amachiiwala chifukwa palibe amene amabwera kudzachitolera, ndiko kutha kwa makina. Ngati chigayo ndi mota yake zinagulidwa K6,000,000 ndipo zikuyembekezeka kugwira ntchito zaka 10, ndiye kuti chaka chilichonse K600,000 ya mtengo wake ikupita, kapena K50,000 pamwezi. Ndalama imeneyi siituluka m'chikwama mwezi umenewo, n'chifukwa chake imaoneka ngati phindu ndipo imadyedwa. Imadzaonekera tsiku limene mota yapsa, mwini wake n'kupeza kuti alibe poyambira. Tikaphatikiza zinayi zonsezi tikupeza K300,000 pamwezi.

Apa pofunika kusamala ndi pakuti kusasuntha sikutanthauza kuti mtengo sukwera. Mwini nyumba akhoza kukweza lendi mu Januwale, boma likhoza kukweza malipiro otsikitsitsa a wantchito, ndipo mlonda adzafuna zake. Zonsezo n'kukwera ndithu, koma sikunabwere chifukwa cha matumba. Chimodzimodzinso si chilichonse chosinthasintha chimene chimayenda ndi ntchito. Ndalama yokonzetsera denga lodontha imatuluka mwezi wina, mwezi wina ayi, koma imatsata mvula, osati chimanga.

Zoyenda ndi ntchito zenizeni pachigayo zili mkati mwa makina. Mahamala amene amaphwanya chimanga amatha m'mphepete, sefa imene ufa umadutsamo imabooka. Makina akangokhala, zitsulo zimenezi sizitha. Zimatha pogaya basi. Ngati mahamala ndi sefa zatsopano zimagulidwa K90,000 ndipo zimagaya matumba pafupifupi 600 zisanafune kusintha, ndiye kuti thumba lililonse limadya K150 ya zitsulozo. Mayi uja akhoza kugula mahamala mu Meyi, osagulanso mpaka Julayi, koma zimenezo sizikutanthauza kuti Juni anagaya ulere. Tsiku logula ndi lina, kutha kwa chitsulo ndi kwina, ndipo powerengera timatsata kuthako.

Magulu awiriwa ali ndi khalidwe lotembenuzana limene limasokoneza anthu. Lendi yonse siisuntha, koma ukaigawa pa thumba limodzi imasuntha kwambiri: K100,000 pa matumba 1,000 ndi K100 pa thumba, pamene pa matumba 200 ndi K500. Za mahamala n'zosiyana. Pa thumba limodzi ndi K150 nthawi zonse, koma chiwonkhetso chake ndicho chimakwera ndi kutsika.

Gulu lachitatu ndi limene lili ndi ntchito. Wogaya wa mayiyu amalandira K130,000 pamwezi, kuwonjezera apo K100 pa thumba lililonse limene wagaya, kuti asamachite ulesi anthu akachuluka. Malipiro ake ali ndi mbali ziwiri, koma kuwang'amba n'kosavuta poti pangano lenilenilo lawang'amba kale: K130,000 ipite ku zosasuntha, K100 pa thumba ipite ku zoyenda ndi ntchito. Tione kuti dzina loti malipiro a wantchito palokha silinena gulu. Mlonda wa pamwezi ndi wosasuntha. Waganyu wonyamula matumba amene amalipidwa pa thumba ndi woyenda ndi ntchito. Wogayayu ali konse kuwiri. Chimene chimaika ndalama m'gulu ndi pangano lake ndi mmene imachitira, osati dzina limene yalembedwa m'kope.

Magetsi ndiwo ovuta. Mbali yaikulu imadyedwa ndi mota pogaya, koma si yonse. Mababu a panja amayaka usiku wonse kuti mlonda aone. Mota imalira yopanda kanthu wogaya akamadikira mayi amene akumasula chitenje pakamwa pa dengu, kapena akamagogoda kuti ufa wotsalira utuluke. Pa mabilu ena pamakhalanso ndalama yokhazikika ya pamwezi imene imalipidwa ngakhale osayatsa kalikonse. Zonsezi zimabwera ngati nambala imodzi, ndipo palibe mzere wonena kuti iyi ndi ya mababu, iyi ndi ya chimanga.

Njira yachidule yong'ambira nambala imeneyi imagwiritsa ntchito miyezi iwiri yokha: umene ntchito inachuluka koposa ndi umene inachepa koposa. M'kope la mayi uja, Juni anagaya matumba 900 ndipo magetsi anadya K510,000. Febuluwale anagaya matumba 300, magetsi K210,000. Kusiyana kwa matumba ndi 600, kusiyana kwa ndalama ndi K300,000. Popeza mbali yosasuntha inali yofanana m'miyezi yonse iwiri, K300,000 yowonjezerayo inabwera ndi matumba 600 owonjezerawo basi. Tikagawa, thumba lililonse likudya magetsi a K500.

Kuchoka apo njira yatsetsereka. Matumba 900 a Juni pa K500 ndi K450,000. Tikachotsa pa K510,000 patsala K60,000, ndipo imeneyo ndiyo mbali yosasuntha. Kuti titsimikize, tiyesenso ndi Febuluwale: matumba 300 pa K500 ndi K150,000, kuchotsa pa K210,000, patsalanso K60,000 yomweyo. Zikapanda kufanana, ndiye kuti pena pake cholembera chaterereka.

Tsopano zonse zikhoza kulowa m'milu iwiri. Mulu wosasuntha uli ndi K300,000 yoyamba ija, K130,000 ya wogaya ndi K60,000 ya magetsi, pamodzi K490,000 pamwezi. Mulu woyenda ndi ntchito uli ndi K150 ya mahamala ndi sefa, K100 ya wogaya ndi K500 ya magetsi, pamodzi K750 pa thumba. M'mabuku a sukulu lamulo lake limalembedwa chonchi:

Y = a + bX

Y ndi ndalama zonse zotuluka, a ndi zosasuntha, b ndi zoyenda ndi ntchito pa thumba limodzi, ndipo X ndi kuchuluka kwa matumba. Pachigayo chathu, a ndi K490,000 ndipo b ndi K750. Ngati mayiyu akuyembekezera matumba 600 mu Okutobala, achulukitse 600 ndi K750, apeze K450,000, awonjezere K490,000. Mwezi umenewo umudyera K940,000. Juni, ndi matumba ake 900, anadya K1,165,000. Febuluwale, ndi matumba 300, anadya K715,000.

Taonani manambala awiri omalizawo. Ntchito ya Febuluwale inali gawo limodzi mwa magawo atatu a ntchito ya Juni, koma ndalama zotuluka sizinatsike kufika ngakhale pa theka. Tikagawa pa thumba, la Juni linadya pafupifupi K1,294, la Febuluwale pafupifupi K2,383. Thumba la Febuluwale silinalemere kuposa linzake ayi. Kungoti katundu wa K490,000 uja, amene mu Juni ankasenzedwa ndi matumba 900, tsopano wagwera matumba 300 okha, monga zimakhalira bokosi la maliro onyamula akachepa panjira.

Apa ndi pamene pagona msampha umene umakola anthu ambiri, ngakhale ophunzira. Mwini chigayo akawerengera mu Juni n'kupeza K1,294 pa thumba, amaisunga nambalayo m'mutu ngati mtengo wake wogayira. Dzinja likayandikira amati matumba 300 pa K1,294 ndi K388,200, choncho asunge yokwana pamenepo. Zoona zake mwezi umenewo udzadya K715,000. Waphonya ndi ndalama yoposa K320,000, ndipo waphonya chifukwa watenga lendi ndi mlonda ngati zinthu zimene zimachepa matumba akachepa. Nambala ya pa thumba imakhala yoona pa kuchuluka kumene inawerengedwera kokha. Kuichotsa pamenepo n'kupita nayo kwina ndi kudzinamiza.

Tinene kuti mtengo wogayitsira ndi K2,000 pa thumba. Juni analowetsa K1,800,000, phindu K635,000. Febuluwale analowetsa K600,000, kuluza K115,000. Thumba lililonse limasiya K1,250 likalipira K750 yake, ndipo pamafunika matumba 392 kuti zotsalazo zikwanire K490,000 ya zosasuntha. Mwezi uliwonse wosafika pamenepo ukudya za mwezi wina.

Ndiye tiyerekeze kuti mu Febuluwale womwemo sukulu yogonera komweko yabwera ndi matumba 200, koma ikuti ilipira K1,200 pa thumba. Munthu woyang'ana K2,383 adzakana n'kupsa mtima, poti mtengowo ndi theka chabe la zimene akuti zimamudyera. Koma lendi ndi mlonda alipira kale, sukulu ibwere kapena isabwere. Chimene matumba a sukuluwo awonjezere pa zotuluka ndi K750 pa thumba basi, ndipo lililonse lisiya K450. Matumba 200 abweretsa K90,000, kuluza kwa mweziwo kutsike kuchoka pa K115,000 kufika pa K25,000. Kuvomera kuli ndi nzeru, malinga makina ali ndi mpata ndipo makasitomala a tsiku ndi tsiku sayamba kufuna mtengo womwewo. Mu Juni, mzere uli mpaka kumsewu, yankho likhoza kukhala lina, chifukwa thumba la sukulu lingalande malo a thumba la K2,000.

Njira ya miyezi iwiri ija ndi yothandiza koma ndi yosalimba, poti yaima pa miyendo iwiri yokha. Umodzi ukakhala wopunduka, zonse zimapendekeka. Choyamba, miyezi isankhidwe poyang'ana matumba, osati ndalama. Mwezi wa bilu yaikulu koposa ukhoza kukhala umene winawake anabwereka magetsi kuti awotcherere mafelemu kuseri kwa chigayo. Chachiwiri, mwezi wachilendo usalowe. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kwa miyezi yambiri magetsi ankazima nthawi yaitali. Zigayo zambiri zinkagaya usiku kapena m'bandakucha, pamene magetsi abwera. Kope la nthawi ngati imeneyo silingauze munthu mmene chigayo chimachitira masiku abwino.

Chachitatu ndi mitengo. Njirayi imaganiza kuti yuniti ya magetsi inali pa mtengo umodzi m'miyezi yonse iwiri. Ngati pakati pake bungwe la MERA linavomereza mitengo yatsopano, kusiyana kwa mabilu kuli ndi zinthu ziwiri zosakanikirana, matumba ndi kukwera kwa mtengo, ndipo yankho lidzanama. Zitsulo nazonso zili chimodzimodzi: kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja anakwera, ndipo aliyense amene anapitiriza kuwerengera ndi mitengo ya chaka chimenecho chisanathe ankawerengera dziko limene kulibenso. Mankhwala ake ndi osavuta. Mmalo molemba makwacha okha, mwini chigayo azilembanso mayunitsi. Akang'amba mayunitsiwo n'kudziwa kuti thumba limadya angati ndipo mababu amadya angati, akhoza kuchulukitsa ndi mtengo wa lero nthawi iliyonse.

Amene ali ndi mita yogulira mayunitsi pasadakhale ali ndi kamsampha kawokawo. Ndalama imene wagulira mayunitsi mu Juni si magetsi amene wagwiritsa ntchito mu Juni. Akagula ambiri pa 28, ochuluka mwa iwo adzadyedwa mu Julayi. Ayenera kuwerenga mita pa 1, kuwonjezera onse amene wagula m'mwezimo, kenako kuchotsa otsala pamapeto pake.

Mwezi wachitatu ndi umene umayesa ngati masamu agwira. Pa matumba 600, magetsi ayenera kukhala K60,000 kuwonjezera K300,000, pamodzi K360,000. Bilu ikabwera K370,000 palibe chodandaulitsa, chimanga sichiuma mofanana ndipo chonyowa chimalemetsa mota. Koma ikabwera K450,000 mtengo wa yuniti usanasinthe, mwini wake asathamangire kukonza lamulo. Ayambe watsegula makina. Mahamala obuntha amachedwa kuphwanya chimanga, mota n'kumalira nthawi yaitali pa thumba limodzi. Lamba wolefuka amaterereka. Ndipo pali chifukwa china chimene eni zigayo sakonda kuchitchula mokweza: mwina matumba anagayidwa ochuluka kuposa amene analembedwa m'kope. K90,000 yosadziwika komwe yachokera, pa K500 thumba, ndi matumba 180. Mita silemba m'kope, koma siiwala.

Palinso zinthu zimene zimalowa m'gulu molakwika chifukwa muyeso wa ntchito wasankhidwa molakwika. Mwini minibasi akafunsidwa ngati mafuta amayenda ndi ntchito, adzati inde. Koma amayenda ndi maulendo ndi makilomita, osati ndi okwera. Minibasi yochoka ku Limbe kupita ku Zomba imamwa mafuta pafupifupi ofanana, ikhale ndi anthu 6 kapena yodzaza, n'chifukwa chake kondakitala amakakamira pa siteji mpaka mpando womaliza. Pachigayo napo, ngati mayi uja ali ndi makina okonolera pambali pa ogayira, thumba la mgaiwa limadutsa kamodzi pamene la ufa woyera limayamba lakonoledwa kenako n'kudzagayidwa. Kuwerenga onse ngati thumba limodzi lofanana kumabisa kusiyana kwa magetsi. Ngati mwezi wina anthu anakonoletsa kwambiri, ndi bwino kulemba ntchito ziwirizi padera.

Za ngongole ndi zofunika mawu awiri. Ngati makina anagulidwa ndi ngongole ya kubanki, chiwongoladzanja ndicho cholipira cha bizinesi, ndipo n'chosasuntha. Kubweza ngongole yeniyeniyo sikuwerengedwanso ngati kutha kwa makina kwawerengedwa kale, apo ayi makina amodzi alipiridwa kawiri papepala. Ndipo ndalama imene mayi watapa m'kabati kukagula ndiwo kapena kulipira fizi ya mwana si ya chigayo. Imeneyo ndi phindu limene latengedwa msanga.

Malire aakulu a lamuloli ali pa kuchuluka kwa ntchito. Manambala a K490,000 ndi K750 anachokera m'miyezi ya matumba 300 mpaka 900, ndipo ndi odalirika pakati pomwepo. Kunja kwake zosasuntha zimayamba kusuntha, osati pang'onopang'ono koma modumpha. Tinene kuti wogaya mmodzi sangapitirire matumba 1,000 pamwezi. Chaka cha zokolola zambiri, mayi uja akuyembekezera matumba 1,200 mu Juni. Lamulo lake likumuuza K490,000 kuwonjezera K900,000, pamodzi K1,390,000. Koma matumba amenewo sangagayike popanda wogaya wachiwiri wa usiku, ndipo iyeyo akubwera ndi K130,000 yake yonse, kaya agaya matumba 200 kaya 20. Zotuluka zenizeni ndi K1,520,000.

Kudumpha kumeneku kumasintha chisankho. Matumba 200 opitirira 1,000 aja asiya K1,250 lililonse, pamodzi K250,000, ndipo akalipira wogaya watsopano patsala K120,000. Pamenepo kulemba munthu kuli bwino. Koma ngati owonjezerawo ndi 50 okha, asiya K62,500, yosakwana ngakhale theka la malipiro ake. Wogaya wachiwiri amayamba kudzilipira yekha pa matumba 104 owonjezera. Osafika pamenepo, mayiyu achita bwino kupangana ndi wogaya wake wakale za maola owonjezera, kapena kulemba waganyu wolipidwa pa thumba kwa masabata a pikitipikiti okhawo. Akatero malipirowo achoka m'mulu wosasuntha n'kulowa m'mulu woyenda ndi ntchito, ndipo mu Ogasiti, mzere ukafupika, adzatha okha popanda kuchotsa munthu ntchito.